Kalaliki watsopano wa kuweyahausi akuyamba pa 1 Seputembala, makiyi ndimupatse liti?

Make Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani, mundithandize nzeru. Pa 1 Seputembala ndikulandira mnyamata woti azisunga katundu kuweyahausi ya hadiweya yathu kuno ku Kasungu. Pepala la zosunga katundu ali nalo, anagwirapo chaka chimodzi pa holoselo ya zakudya, koma simenti ndi malata sanazigwirepo. Amene alipo pano akuchoka pa 31 Ogasiti, wapeza ntchito kwina, tikusiyana bwinobwino. Uyu akhala wachitatu m'zaka ziwiri. Woyamba ndinamupatsa makiyi tsiku lomwe anafika. Patatha miyezi iwiri tinapeza shoti ya simenti, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anasowetsa ndi iye kapena anaipeza ilipo kale. Ndinamuchotsa, koma mtima wanga sunakhazikike. Ulendo uno ndikufuna ndilembe pulani ya miyezi itatu yoyamba. Ndiyambire pati?

Jemusi wa ku Mchesi: Mayi, musadzivutitse ndi mapepala. Miyezi itatu yoyamba ndi pulobeshoni, ndi lamulo limenelo. Mumangomuyang'ana, akalakwa mumamuuza kuti mawa asabwere. Kontirakiti mudzamulembere akadutsa. Ine anyamata anga onse ndimatero.

Nasibeko: A Jemusi, mwanena zoona theka. Lamulo la za ntchito la 2000 silinena kuti pulobeshoni ndi miyezi itatu. Limanena kuti olemba ntchito ndi wolembedwa akhoza kugwirizana za nthawi yoyeserera, bola isapitirire miyezi 12, ndipo zimenezi ndi za munthu wa ntchito yaluso. Miyezi itatu ndi chizolowezi chabe. Pamene pali vuto ndi pa mawu oti kugwirizana. Ngati simunalembe paliponse kuti munthuyu ali pa pulobeshoni, mukakasumiridwa ku leba ofesi mukaonetsa chiyani? Iye akanena kuti analembedwa ntchito basi, inu mukanena kuti mumamuyesa, ndiye mawu anu ndi ake. Komanso ngati muli ndi antchito asanu kapena kuposerapo, lamulo lomwelo limafuna kuti mumupatse munthu chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro, maola ndi tchuthi mwezi usanathe chiyambireni ntchito. Ndiye zodikira kuti adutse kaye zija ayi. Make Dalitso, muli ndi anthu angati?

Make Dalitso: Asanu ndi awiri, kuwerengera dalaivala ndi mlonda. Aganyu otsitsa katundu sindinawawerengere.

Nasibeko: Ndiye kalata ikhale itasainidwa tsiku loyamba lomwelo, musadikire mwezi. Mulembemo tsiku loyamba pulobeshoni ndi tsiku lothera, m'manambala.

Jemusi wa ku Mchesi: Koma zoti pa pulobeshoni umachotsa popanda notisi ndi zoona eti? Musandinamize pagulu.

Nasibeko: Zimenezo ndi zoona, aliyense mwa awiriwo akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Koma ine sindilangiza munthu kuchotsa mnzake wopanda chifukwa chomwe angachilembe papepala, ngakhale pa pulobeshoni. Mumve kaye mbali yake. Sizikudyerani ndalama, ndipo tsiku lina zidzakupulumutsani.

Agogo Chisale: Ndawerenga zonse. Ine ndinasunga katundu pa esiteti ya tiyi ku Thyolo zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndilankhule za kuweyahausi, za malamulo ndawasiyira a Nasibeko. Mwana wanga, vuto la kalaliki wanu woyamba uja silinayambe pa mwezi wachiwiri. Linayamba tsiku lomwe munamupatsa makiyi osawerenga katundu. Ndipo mukufuna kubwerezanso, chifukwa wakale akutuluka pa 31, watsopano akulowa pa 1, awiriwa sakumana. Mupempheni wakaleyo abwere masiku awiri oyamba, mumulipire masikuwo. Mutseke weyahausi, muwerenge chilichonse anthu atatu: wotuluka, wolowa, ndi inuyo. Wina awerenge, wina alembe, wina aone. Asawerenge akuyang'ana pa bini khadi, khadi lolembapo katundu wolowa ndi wotuluka, chifukwa munthu akaona 400 pakhadi, maso ake amapezanso 400 pamulu. Muwerenge kaye, mulembe, kenako mufananize ndi khadi. Pamapeto nonse atatu musaine tsamba lililonse. Pepala limenelo ndi pamene pakuyambira mlandu wa mnyamatayo. Zonse za m'mbuyo si zake.

Make Dalitso: Kutseka masiku awiri mu Seputembala agogo? Ino ndi nyengo yomanga, anthu akuthamangira kufolera mvula isanagwe.

Agogo Chisale: Shopu ya kutsogolo musatseke. Tulutsiranitu usiku wake katundu wokwanira masiku awiri, mumulembe kuti watuluka. Ngati zikukanikabe, yambani ndi zinthu zomwe zimadya ndalama: simenti, malata, zitsulo, penti ndi mawaya a magetsi. Zimenezo mumaliza tsiku limodzi. Mahinjesi ndi maloko muwerenge mawa lake chitseko chili chotsegula. Misomali musawerenge, ikani pasikelo.

Mlongo wa ku Joni: Pepani ndalowerera. Ine nditayamba ntchito pa weyahausi ina kuno, sabata yoyamba yonse palibe amene anandiuza kuti chimbudzi chili kuti kapena kuti nthawi ya nkhomaliro ndi iti. Ndinkadya mobisa kuseri kwa mashelefu. Bwana anali paulendo, amene anamusiyira ine ankaona ngati ndabwera kudzamulanda ntchito. Anthu amakonza za masiku 90 koma ola loyamba amaliiwala. Ndinatsala pang'ono kusiya.

Make Dalitso: Mwandikumbutsa mlongo. Kwathu kuno amene angamuone choncho ndi mlamu wanga amene amagulitsa pakauntala. Anazolowera kulowa kuweyahausi n'kutenga yekha katundu kasitomala akamafulumira, pepala amalemba madzulo akakumbukira.

Agogo Chisale: Eyaa, ndiye mwaitchula nokha shoti yanu. Mnyamata wa masiku atatu pantchito sangamuletse mlamu wa abwana. Mumuletse ndinu, pamaso pa onse, m'mawa wa tsiku loyamba. Munene kuti kuyambira lero palibe thumba lotuluka pakhomo ili popanda pepala, ngakhale nditalifuna ndine. Ndipo tsiku lina mudzayesedwa nokha, kasitomala wamkulu ali pa changu, galimoto ikulira panja. Mukadzangoti mupatseni pepala tilemba kenako, pulani yonse yathera pomwepo.

Bambo a Mphatso: Mayi a ku Kasungu, ngati malo akadalipo ndili ndi mphwanga anamaliza fomu 4, ndi wokhulupirika kwambiri, amapemphera.

Make Dalitso: Malo adzadza kale bambo, pano tikukamba za mmene tingamulandirire amene wapezekayo.

Bambo a Mphatso: Oho, pepani. Koma mukamva kwina mundiuze.

Nasibeko: Tibwerere ku pulani. Ndimaona anthu ambiri akulemba kuti mwezi woyamba aphunzire, wachiwiri azolowere, wachitatu aziyenda yekha. Papepala zimaoneka bwino, koma pa tsiku la 30 simungadziwe ngati waphunzira kapena ayi. Ine ndimalemba mosiyana. Pa mwezi uliwonse ndimalemba chinthu chomwe ndikumupatsa m'manja, ndi chomwe ndikufuna ndione ndi maso ndisanamupatse chotsatira. Kwa kalaliki wa katundu zinthu zopatsa ndi zitatu: khadi, siginecha yolandirira katundu, ndi makiyi. Agogo atiuze ndondomeko yake, koma musapereke zonse tsiku limodzi.

Agogo Chisale: Ndondomeko ndi yomweyo mwaitchulayo. Mwezi woyamba agwire makhadi. Chilichonse cholowa ndi chotuluka alembe yekha, nthawi yomweyo, osati madzulo. Makiyi akhale ndi inu, mumutsegulire m'mawa, mutseke limodzi madzulo. Tsiku lililonse musanatseke, sankhani zinthu zisanu zomwe iye sakudziwa kuti musankha, muwerenge, mufananize ndi khadi. Ndi ntchito ya mphindi 15. Sabata yoyamba azilakwitsa, musadabwe. Chomwe mukuyang'ana ndi mtundu wa kulakwitsako. Akalemba malata asanu a geji 28 pa khadi la geji 30, khadi lina lisowa asanu, lina lichuluka ndi asanu. Ameneyo si wakuba, sanadziwe katundu. Mumugwiritse malata onse awiri ndi manja, amve kuti 28 ndi yochindikala kuposa 30 ngakhale nambala yake ndi yaying'ono. Munthu wochokera ku shuga ndi sopo zimenezi sazidziwa. Chimodzimodzi zitsulo za Y10 ndi Y12, ndi malata a mafiti 10 ndi 12 akasanjikizana. Koma mukaona khadi likusowa popanda lina lochuluka, ndipo zikubwerezabwereza pa katundu yemweyo, pamenepo ndiye mukhale naye pansi.

Make Dalitso: Nanga lole ikabwera mwezi woyamba womwewo? Simenti imabwera kawiri pamwezi nyengo ino.

Agogo Chisale: Awerenge iye, musaine inu. Lole ya matani 30 ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Aganyu amathamanga, dalaivala amafuna abwerere, ndipo kuwerenga matumba ali pamitu ya anthu ndi kumene amalakwitsa ngakhale akatswiri. Muphunzitseni kusanja milu ya matumba khumikhumi, pamapaleti kapena pamatabwa, osagunda khoma. Akatero akuwerenga milu 60, osati matumba 600. Ong'ambika ndi onyowa aike pambali, alembe pa delivale noti dalaivala asanachoke, dalaivalayo asainire. Lole ikatuluka pageti, thumba long'ambika lasanduka lanu. Ndiponso simenti yatsopano isatsekereze yakale. Yakale ituluke kaye, apo ayi mudzaipeza mu Januwale itauma ngati mwala. Akalandira malole awiri inu mukuona, osalakwitsa, mwezi wachiwiri mumupatse siginecha.

Jemusi wa ku Mchesi: Agogo, ndi ulemu wonse, zimenezi ndi za kuesiteti kumene kuli anthu ambiri. Mayiwa ali ndi shopu yoti ayendetse, akaoda katundu ku Lilongwe, ali ndi ana. Azikatsegula weyahausi m'mawa uliwonse miyezi iwiri? Ndiye walembedwerenji munthuyo? Komanso mnyamata akaona kuti samukhulupirira ndi makiyi, mtima umachoka. Ine ndikanamupatsa pakatha sabata ziwiri.

Mlongo wa ku Joni: Apa ndikugwirizana ndi a Jemusi pang'ono. Zimawawa kuimirira panja kudikira bwana ndi makiyi, aganyu akukuyang'ana. Koma akakuuza tsiku loyamba kuti makiyi udzalandira pa deti yakuti ukachita zakuti, sizipweteka. Chopweteka ndi kusadziwa.

Agogo Chisale: A Jemusi, kuesiteti tinali ndi maloko awiri pachitseko chimodzi, kiyi wina kwa kalaliki, wina kwa kapitawo. Palibe amene ankalowa yekha. Zimenezo zimateteza kalaliki kuposa bwana, chifukwa katundu akasowa usiku palibe angamuloze chala. Make Dalitso akhoza kuchita zomwezo kuyambira mwezi wachiwiri, kiyi winayo akhale ndi munthu wina akachokapo. Koma asakhale mlamu uja.

Jemusi wa ku Mchesi: Maloko awiri ndavomera. Miyezi iwiri yodikira sindinavomere.

Aphiri a maakaunti: Ndafika mochedwa, ndinali ndi malipiro. Ndikufuna muwerenge masiku pakalendala. Akayamba pa 1 Seputembala, tsiku la 30 ndi 30 Seputembala, la 60 ndi 30 Okutobala, la 90 ndi 29 Novembala. Mwaona? Kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa Novembala kukugwa kunja kwa masiku 90. Ndiye mukalemba m'kalata kuti pulobeshoni ndi masiku 90, mukhala mutaona kutseka mwezi kuwiri kokha, ndipo koyambako amakhala akuphunzira. Mukalemba miyezi itatu, ikuthera pa 30 Novembala, tsiku lomwe mukuwerengalo, zotsatira zisanatuluke. Ine ndikanasuntha kuwerenga kwachitatu kukhale chapakati pa Novembala, kuti mukhale ndi sabata yofufuza zomwe zasiyana ndi sabata yoganiza.

Nasibeko: Aphiri mwagunda penipeni. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi choti tsiku lothera limadutsa mwakachetechete, bwana ali otanganidwa, kenako mu Januwale akufuna kumuchotsa munthu akuti adakali pa pulobeshoni. Sali. Tsiku likadutsa, ndi wantchito ngati ena onse, ndipo wolandira pamwezi notisi yake ndi mwezi wathunthu, chifukwa chomveka chikhalepo, ndipo apatsidwe mpata wodziteteza. Ndiye lembani pakalendala lero masiku atatu okhala naye pansi. Ndikanasankha sabata yoyamba ya Okutobala, sabata yoyamba ya Novembala, ndi cha pa 20 Novembala. Kukumana kwachiwiriko ndi kumene kuli kofunika kuposa konse. Ngati pali chomwe chingamulepheretse, amve pamenepo, m'mawu osazungulira, chilembedwe, asaine kuti wamva. Akhale ndi masabata atatu okonza. Munthu asadzamve koyamba pa tsiku lomaliza kuti simukukondwa naye. Mukaona kuti mufunika kuwonjezera nthawi, mugwirizane polemba tsiku lisanakwane.

Make Dalitso: Ine vuto langa ndi lomwelo, ndimaopa kumuuza munthu m'maso. Ndimangosunga mumtima mpaka ndaphulika.

Nasibeko: Mukakhala ndi kabuku ka zinthu zisanu za agogo zija, simufunika kumuuza kuti ndiwe wosasamala. Mumangotsegula kabuku: taona, pa masiku 24 awa khadi la penti lasiyana kasanu, chikuchitika ndi chiyani? Ndipo mumufunsenso kuti chikumulepheretsa ndi chiyani. Mwina mudzamva dzina la mlamu wanu.

Aphiri a maakaunti: Za kwanga mwachidule. Mutenge kopi ya chiphaso chake cha unzika ndi nambala ya akaunti sabata yoyamba, musadikire pa 28. Ngati malipiro ake afika pa mlingo wodulidwa msonkho, PAYE imapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pulobeshoni kapena ayi. Penshoni ndi 5 peresenti kwa iye, 10 peresenti kwa inu. Tinene kuti mwagwirizana K250,000, ndiye K12,500 ichoka kwa iye, inu muwonjezera K25,000. Mumuonetse masamu amenewa tsiku loyamba. Anyamata ambiri amamva nambala ya pa intavyu n'kuyamba kuwerengera lendi, malipiro oyamba akabwera operewera amaona ngati mwawabera.

Jemusi wa ku Mchesi: Penshoni pa munthu woti mwina achoka mu Novembala? Ine ndimayamba akadutsa.

Aphiri a maakaunti: Ine ndimayamba mwezi woyamba, ndipo makasitomala anga ndimawalangiza chomwecho. Kubweza za m'mbuyo kumawawa kuposa kulipira mwezi ndi mwezi. Aimbireni amene amasunga penshoni ya antchito anu mumve okha, a Jemusi.

Jemusi wa ku Mchesi: Ndiwaimbira. Ndikapambana ndibwera kudzakusekani.

Make Dalitso: Ndabweranso anthu inu, lero ndi pa 3. Wakale uja anavomera, tawerenga masiku awiri. Ndikuuzeni za simenti zokha. Khadi limati matumba 412, tinapeza 397. Kusiyana 15. Mtima unagunda. Tinakhala pansi ndi mabuku a malisiti, tinapeza kuti kasitomala wina analipira matumba 40 mu Julayi n'kumatenga pang'onopang'ono, ndipo 10 omaliza anatenga sabata yatha, anamupatsa mlamu, pakhadi sanalembe. Atatu tinawapeza pakona ataumiratu, wakale uja anawachotsa pamulu koma sanawachotse pakhadi. Awiri sitinawapeze, palibe akudziwa. Tasaina 397. Zikanakhala ngati kale, mnyamatayu akanasenza matumba 15 kumapeto kwa mwezi. Ndakhala ndikuganiza za woyamba uja usiku wonse.

Agogo Chisale: Mwachita bwino. Tsopano konzani khadi, koma osafufuta 412. Lembani mizere itatu pansi pake: 10 anaperekedwa pa lisiti nambala yakuti, 3 owonongeka, 2 osowa pa kuwerenga kwa pa 2 Seputembala, musaine inuyo. Ndipo mwatulukira dzenje lina. Katundu wolipiridwa kale amene mwini wake sanatenge akhale ndi khadi lakelake ndi malo akeake, muike chikwangwani cha dzina la mwini wake pamulu. Mukamusakaniza ndi wogulitsa, tsiku lina mudzagulitsa simenti ya munthu, mtengo utakwera kale. Imeneyo mupatseni mnyamatayo ikhale ntchito yake ya sabata ino, adutse m'malisiti onse kuyambira Juni, alembe amene tikuwasungira katundu. Aphunzirapo makasitomala ndi mabuku nthawi imodzi.

Jemusi wa ku Mchesi: Awiri osowawo mumudule wakale uja pa malipiro ake omaliza.

Nasibeko: Pa umboni uti, pomwe tamva kuti anthu awiri amalowa m'menemo? Kudula malipiro a munthu kuli ndi malire ake m'lamulo, si bwana kungoganiza. Ndikanawasiya.

Jemusi wa ku Mchesi: Mukamasiya awiriawiri mudzatseka shopu.

Make Dalitso: Ndawasiya, a Jemusi, mundikhululukire. Mlamu ndamuuza dzulo pamaso pa onse, wakwiya, lero sanandipatse moni. Loko wachiwiri ndagula. Chomwe sindinaganize ndi choti pa 12 ndikupita ku Lilongwe masiku atatu, ndipo lole ya malata ikubwera sabata yomweyo. Mnyamata adzakhala ndi masiku 12 okha. Asaine ndani?

Agogo Chisale: Aimbireni ogulitsawo asunthe lole ifike pa 11 kapena mutabwera. Akakana, awerenge mnyamatayo ndi dalaivala wanu, asaine onse awiri, akutumizireni chithunzi cha delivale noti lole isananyamuke. Malatawo asawasakanize ndi akale mpaka mudzawaone nokha.

Make Dalitso: Dalaivala wanga geji saidziwanso.

Mlongo wa ku Joni: Ndiye muli ndi masiku asanu ndi atatu oti muwaphunzitse onse awiri kkkk.

Aphiri a maakaunti: Ndipo nambala ya akaunti ija mwatenga?

Make Dalitso: Ayi. Ndikutenga mawa m'mawa tisanatsegule.